MASO OFIIRA: NDI MATENDA OPATSIRANA KAPENA NDI ALEJI?

Mu Febuluwale 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti m'boma la Karonga mwabuka matenda a maso ofiira. Matendawa anali atavuta kale ku Tanzania, ndipo pasanathe miyezi yambiri anafalikira m'maboma ena a dziko lathu n'kugwira anthu zikwizikwi. Kuyambira nthawi imeneyo, munthu akangotulukira ndi maso ofiira anzake amayamba kumutalikira. Ena amavala magalasi akuda poganiza kuti matendawa amalowa pongoyang'anana. Enanso, makamaka pakati pa achinyamata, amayamba manong'onong'o akuti mnzathuyu ayenera kuti ali ndi kachirombo.

Ife alangizi a zaumoyo amene timayendera makalabu a achinyamata kuno ku Zomba, kuyambira ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda mpaka kuphiri, timafunsidwa kawirikawiri za nkhani imeneyi. Yankho lathu limayamba ndi mfundo imodzi: maso ofiira onse si amodzi. Pali maso ofiira obwera ndi tizirombo, amene munthu angapatsire mnzake. Palinso maso ofiira obwera chifukwa thupi likudana ndi fumbi, utsi kapena mungu, amene sapatsirana ngakhale pang'ono. Mavuto awiriwa amaoneka ofanana ukamaonera patali, koma chithandizo chake n'chosiyana. Munthu akawasokoneza amataya ndalama pogula mankhwala osayenera, ndipo nthawi zina amataya diso lenilenilo.

Chimafiira n'chiyani?

Choyera cha diso komanso mkati mwa zikope munakutidwa ndi kachikopa kopyapyala koonekera ngati pulasitiki. M'kachikopa kameneka muli timitsempha tamagazi tating'ono kwambiri timene sitioneka diso likakhala bwino. Kachikopaka kakalowedwa ndi tizirombo kapena kakaputidwa ndi chinthu china, timitsemphati timatupa ndipo diso limaoneka lofiira. Apa ndi pomwe misozi ndi manthongo zimachulukira.

Kutsogolo kwa chakuda cha diso kuli mbali ina yoonekera ngati galasi la wotchi. M'nkhani ino tiziitchula kuti galasi la diso. Kuwala konse kumene timaonera kumadutsa pamenepa. Matenda akangokhala pa kachikopa kokuta choyera, munthu amavutika masiku angapo koma amachira osasiya chilema. Akafika pa galasi la diso, pamachita chilonda chimene chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo chipsera chimenecho sichichoka. Choncho pa diso lililonse lofiira timafuna kudziwa zinthu ziwiri: chayambitsa n'chiyani, nanga galasi la diso lakhudzidwa kapena ayi?

Mafunso anayi amene timafunsa

Funso loyamba ndi lakuti: kodi diso likuyabwa, likuthwethwa kapena likupweteka? Anthu ambiri amangoti "maso akundivuta", koma mawu atatuwa amatanthauza zosiyana. Kuyabwa kwenikweni, kuja kopangitsa munthu kutikita maso mpaka kumva kukoma, ndi chizindikiro chachikulu cha aleji. Aleji ndi vuto limene thupi limalimbana ndi chinthu chosaopsa ngati kuti ndi mdani. Ngati diso silikuyabwa n'komwe, n'zokayikitsa kuti ndi aleji. Matenda opatsirana amamveka mosiyana: munthu amamva ngati m'diso mwalowa mchenga, ndipo diso limatentha. Nalonso limatha kuyabwa pang'ono, koma chodandaula chachikulu chimakhala mchengawo. Tsono ululu weniweni, wolasa mkati mwa diso mpaka kumutu, wolepheretsa kutsegula diso padzuwa, si wa aleji ndiponso si wa matenda wamba opatsirana. Umenewo ndi wofunika chipatala tsiku lomwelo.

Funso lachiwiri ndi lakuti: m'disomo mukutuluka chiyani? Matenda obwera ndi mavairasi, omwe ndi amtundu umodzi ndi aja a chimfine, amatulutsa misozi yambiri yamadzimadzi. M'mawa zikope zimatha kumatana pang'ono, koma masana chimene chimatuluka ndi madzi. Matenda obwera ndi mabakiteriya amatulutsa manthongo olimba, achikasu kapena obiriwira, ngati mafinya. Ukapukuta, pakangotha mphindi zingapo abweranso pakona pa diso, ndipo zimatero tsiku lonse. Aleji imatulutsa misozi pamodzi ndi zinthu zoyera zonanda, zimene ukazikoka ndi chala zimatamuka ngati ulusi kapena ngati therere. Dziwani kuti kumatana kwa zikope m'mawa pakokha sikutiuza zambiri, chifukwa kumachitika pa mavuto onse atatu. Chofunika ndi kuona chimene chikutuluka masana munthu atasamba kale kumaso.

Funso lachitatu ndi lakuti: zinayamba liti, ndipo zinayamba bwanji? Matenda opatsirana amayamba mwadzidzidzi, nthawi zambiri diso limodzi, kenako linalo limatsatira patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo. Ukafufuza umapeza kuti kunyumba, m'kalasi kapena ku hositelo kuli wina amene anayamba. Amavairasi amabwera nthawi zina ndi chimfine, zilonda zakukhosi ndiponso kamwanabere kowawa kutsogolo kwa khutu. Aleji imagwira maso onse awiri nthawi imodzi, imatha n'kubweranso, ndipo mwini wake amaidziwa kuyambira ali mwana. Nthawi zambiri imayendera limodzi ndi kuyetsemula, kuyabwa m'mphuno, mphumu kapena ziwengo zapakhungu. Ngakhale munthu atagona chipinda chimodzi ndi anzake asanu kwa chaka chonse, palibe amene amatengera.

Funso lachinayi, lomwe ndi lalikulu kuposa onse, ndi lakuti: kodi mukuona bwino? Pali njira yapafupi yoyesera. Pukutani manthongo, phimbani diso limodzi ndi chikhatho, werengani malembo a pakalendala kapena pachikwangwani chimene mumachiwerenga masiku onse, kenako yesani diso linalo. Ngati chifunga chikuchoka mukaphethira kangapo, ndiye kuti anali manthongo chabe. Ngati chifunga sichikuchoka, kapena diso limodzi likuona moperewera poyerekeza ndi linzake, galasi la diso kapena mkati mwa diso mwakhudzidwa. Apo musadikirenso.

Tiyerekeze ndi achinyamata awiri

Kuti mafunsowa amveke bwino, tiyerekeze kuti m'mwezi wa Okutobala pa msonkhano wa kalabu pabwera anthu awiri, onse maso ali psuu.

Woyamba ndi mtsikana wa zaka 17 wa Fomu 3 amene amagonera pasukulu. Akuti dzana anadzuka diso lamanja litafiira ndipo lero lamanzere layambanso. Akumva ngati mwalowa mchenga. Misozi ikungotsika yokha, koma mafinya palibe. Kutsogolo kwa khutu lamanja kuli kamwanabere kowawa akakakhudza. Mnzake amene amabwerekana naye chitenje chopukutira kumaso anadwala sabata yatha. Tikamuyesa ndi kalendala akuwerenga bwinobwino ndi maso onse awiri. Mayankho onse anayi akuloza kumodzi: awa ndi matenda opatsirana a mavairasi, ndipo galasi la diso lili bwino.

Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 14 amene amathandiza makolo ake kugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Iye pomwe tikulankhula naye akutikita maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Akuti maso amamuyabwa chaka chilichonse kuyambira ali Sitandade 2, ndipo amanyanya kukatentha, nthawi imene fumbi lachuluka ndiponso moto wolusa ukutentha tchire ndi mitengo ya paini kuphiri. Mvula ikagwa amapezako bwino. Maso onse awiri ndi ofanana. Choyera cha maso ake si chofiira kokha, chaderako ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'mphepete mwa chakuda muli kamzere kotupa kotuwa. Pakona pa diso pali zoyera zonanda. Azibale ake anayi amene amagona naye nyumba imodzi alibe vuto. Iyi ndi aleji, ndipo ndi mtundu wake waukulu umene umapezeka kwambiri mwa ana ndi achinyamata a m'mayiko otentha, makamaka anyamata. Ambiri imawasiya yokha akamakula, cha m'ma zaka 20.

Taonani tsono chimene chimachitika tikawasokoneza awiriwa. Mnyamata uja akathamangitsidwa kusukulu kuti angapatsire anzake, amajomba pachabe, mwina mwezi wathunthu, chifukwa maso ake sayera m'sabata imodzi. Akagulidwa mankhwala opha mabakiteriya, chubu chimatha kuyabwa kuli pomwepo. Mtsikana uja akauzidwa kuti ndi fumbi chabe, apitiriza kubwerekana chitenje ndi wanja wa m'maso, ndipo pomatha sabata hositelo yonse yadwala.

Chithandizo cha matenda opatsirana

Matenda a mavairasi alibe mankhwala owapha. Thupi limawagonjetsa lokha, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri, nthawi zina mpaka atatu. Masiku oyambirira amatha kukula asanayambe kuchepa, choncho kufiira kukawonjezeka pa tsiku lachitatu si chifukwa chothamangira ku mankhwala achilendo, bola ngati munthu akuona bwino ndipo palibe ululu waukulu.

Ntchito yaikulu ndi kutsuka ndi kupewa kupatsira ena. Wiritsani madzi, adikireni azizire, ndipo musathiremo chilichonse. Sambani m'manja ndi sopo. Nyowetsani thonje kapena kansalu koyera, tsinzinani, pukutani kamodzi kuchokera kumbali ya mphuno kupita kumbali ya khutu. Diso lililonse likhale ndi kansalu kake. Mukatha sambaninso m'manja. Tizirombo ta matendawa timayenda ndi misozi ndi manthongo kudzera m'manja, m'mathawulo, m'zitenje, m'mapilo, pa foni ndi pa zogwirira zitseko. Amene ali ndi chimfine amathanso kupatsira ena poyetsemula. Koma sitidumpha kuchoka m'diso la wina chifukwa choti mwayang'anana. Magalasi akuda amathandiza wodwalayo kuti dzuwa lisamuthobwe ndiponso kuti asamagwiregwire m'maso, koma sateteza munthu wabwinobwino amene akudyera mbale imodzi ndi wodwala osasamba m'manja.

Ngati manthongo ali olimba achikasu tsiku lonse, pitani ku chipatala chapafupi monga cha Matawale. Kumeneko nthawi zambiri amapereka mankhwala opaka m'maso a tetirasaikilini kapena odontheza a kolamufenikolo. Opakawa kawirikawiri amakhala a katatu pa tsiku kwa masiku 5 mpaka 7, koma tsatirani zimene adokotala akuuzani. Popaka, tsukani diso kaye, kokerani pansi chikope cham'munsi, finyirani mankhwala otalika ngati njere ya mpunga mkati mwa chikopecho, ndipo kamwa ya chubu isakhudze diso. Mudzaona mwachimbuuzi kwa mphindi zingapo. Zimenezo ndi mafuta chabe. Pakatha masiku awiri kapena atatu manthongo ayenera kuyamba kuchepa. Akapanda kuchepa bwererani. Chubu kapena botolo ndi la munthu mmodzi, ndipo botolo la madontho likatha mwezi chitsegulireni litayeni, musasungire wina wodzadwala chaka chamawa.

Chithandizo cha aleji

Pa aleji mdani wamkulu ndi dzanja la mwini wake. Kutikita kumakoma nthawi yomweyo, koma kumachititsa kuti diso litulutse zambiri mwa zinthu zimene zimayambitsa kuyabwako, ndiye kuyabwa kumabweranso mwamphamvu. Kutikita kwa zaka zambiri kumathanso kufooketsa galasi la diso mpaka kusongoka, munthu n'kuyamba kuona movutikira. M'malo motikita, nyowetsani kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko, tsinzinani, ikani pazikope kwa mphindi 5 kapena 10. Chitani zimenezi kangapo pa tsiku. Mukachoka kumunda, kubwalo la mpira kapena pamsewu wafumbi, sambani kumaso ndi madzi oyera. Posesa wazani madzi kaye, yanikani zofunda ndi mphasa padzuwa, ndipo pewani kukhalitsa m'khitchini mofuka utsi wa nkhuni.

Kuchipatala pali madontho a aleji monga a koromogilaiketi, amene amadonthezedwa kanayi pa tsiku. Madontho amenewa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Amatenga pafupifupi masabata awiri kuti mphamvu yake ioneke, ndipo ambiri amawasiya pa tsiku lachitatu n'kumati ndi achabechabe. Munthu amene amadziwa mwezi umene maso ake amavuta angachite bwino kukaonana ndi achipatala nyengoyo isanafike. Mapiritsi a piritoni amathandiza ngati palinso kuyetsemula, koma amagonetsa, choncho wa kabaza kapena amene ali ndi mayeso m'mawa asamale nawo.

Pali madontho ena amphamvu a gulu la masiteroyidi, monga dekisametasoni, amene amayeretsa diso la aleji m'masiku awiri okha. Chifukwa cha changu chimenechi anthu amauzana dzina lake n'kumakagula okha mobwerezabwereza. Apa ndi pamene pali msampha. Akagwiritsidwa ntchito kwa masabata kapena miyezi popanda woyeza, madonthowa amakweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso ndi kupha mtsempha woonera pang'onopang'ono, popanda ululu, ndipo kuona kotayika motero sikubwerera. Amayambitsanso ng'ala mwa munthu wachichepere. Akadonthezedwa m'diso limene lili ndi chilonda pa galasi, chilondacho chimakula msanga. Madokotala a maso amawapereka ndithu pa aleji yaikulu, koma kwa masiku owerengeka, atayeza kaye, ndipo amamuitananso munthuyo kudzamuona. Mnyamata wa m'chitsanzo chathu uja, poti ali ndi kamzere kotupa m'mphepete mwa chakuda, ndi woyenera kutumizidwa ku chigawo cha maso pa Chipatala Chachikulu cha Zomba. Kumeneko amadontheza utoto wachikasu umene umaonetsa ngati pa galasi pali chilonda, ndipo amatembenuza chikope cham'mwamba kuti aone timatuza tokhala ngati miyala yoyalidwa timene aleji yotere imachititsa.

Zimene siziyenera kulowa m'diso

M'midzi ndi m'matauni momwe timamva za mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a mchere wambiri, mandimu, sopo, madzi a masamba ofinya ndi zina zotero. Anthu amazikhulupirira pa chifukwa chomveka: matenda a mavairasi amatha okha, ndiye chilichonse chimene munthu anathira pa tsiku lachisanu chimatamandidwa kuti ndicho chachiritsa. Koma zowawa ndi zoluma zimasupula galasi la diso, ndipo zamasamba zimalowetsa tizirombo pachilondapo. Diso limene likanachira lokha limasanduka loyera mpaka kalekale.

Mkodzo ndiwo woopsa koposa, ndipo apa nkhani ya maso ikukumana ndi nkhani yathu ya masiku onse ya matenda opatsirana pogonana. Munthu amatha kukhala ndi chinzonono osadziwa, makamaka atsikana ndi amayi. Tizirombo ta chinzonono tikalowa m'diso, kudzera mu mkodzo kapena m'manja amene agwira kumaliseche, diso limatupa kwambiri moti silitseguka, ndipo mafinya amachita kuyenderera, ukapukuta nthawi yomweyo adzazanso. Tizirombo timeneti timatha kuboola galasi la diso m'masiku awiri okha. Mankhwala opaka paokha sakwanira. Pamafunika jekeseni kuchipatala tsiku lomwelo, bwenzi logonana nalo lilandirenso chithandizo, ndipo onse awiri ayezetse magazi kuti adziwe ngati ali ndi HIV.

N'chimodzimodzi ndi khanda. Mwana wosakwana mwezi umodzi akatupa zikope ndi kutuluka mafinya, nthawi zambiri pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu chibadwire, akhoza kukhala kuti anatengera chinzonono pobadwa. N'chifukwa chake kuchipatala amapaka mankhwala m'maso mwa mwana akangobadwa. Mukaona mwana wa mlongo wanu kapena wa mnzanu ali choncho, musalole kuti amufinyire mkaka m'maso n'kudikira. Apite naye lero.

Nanga HIV ikubwera pati?

Choyamba tinene mosabisa: maso ofiira si chizindikiro chakuti munthu ali ndi HIV. Mliri wa 2024 unagwira ana, agogo, aphunzitsi ndi abusa mosasankha. Aleji ya maso nayo si chizindikiro chakuti munthu ali ndi HIV. Komanso HIV sifala kudzera m'misozi, choncho palibe chifukwa choopera kuthandiza mnzathu kutsuka m'maso, bola tisambe m'manja poopa matenda a masowo. Njira yodziwira za HIV ndi imodzi yokha, kuyezetsa.

Komabe pali mavuto atatu amene amayamba ngati diso lofiira wamba, amene amapezeka kwambiri mwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika. Tonse tiyenera kuwadziwa, kaya tili ndi kachirombo kaya tilibe.

Loyamba ndi mashingozi a kumaso. Munthu amayamba kumva kutentha kapena kulasa mbali imodzi ya chipumi, kenako pamatuluka matuza amene amalekezera pakati penipeni pa nkhope osawolokera mbali inayo. Diso la mbali imeneyo limafiira ndi kutupa. Matuza akafika pansonga ya mphuno, mpata woti diso lakhudzidwa mkati ndi waukulu. Mapiritsi a asaikulovira amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyambirira matuza atatuluka. Wachinyamata akadwala mashingozi ndi bwino ayezetse HIV nthawi yomweyo.

Lachiwiri ndi kachotupa pa choyera cha diso. Diso limodzi lokha limafiira mbali imodzi kwa miyezi, ndipo pafupi ndi chakuda pamamera kanthu kotukuka, koyera kapena kotuwa, kamene kakukula. Sikayabwa kwenikweni ndipo sikamva mankhwala opaka. Si kachotupa kalikonse kamene kali koopsa, koma kena kamakhala khansa ya pa diso, imene kuno kwathu imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV ngakhale imagwiranso ena. Ikapezeka idakali yaing'ono amaichotsa ndi opaleshoni yaing'ono diso n'kutsala. Ikachedwa, pamafunika kuchotsa diso lonse. Munthu amene wathera machubu atatu pa diso limodzi losasintha asagulenso lachinayi, akayezetse ku chigawo cha maso.

Lachitatu ndi kudana ndi mankhwala. Ena mwa anzathu amamwa bakitirimu tsiku lililonse pamodzi ndi ma ARV. Ambiri samva vuto lililonse. Koma mwa anthu ochepa, makamaka m'masabata oyambirira atayamba mankhwala atsopano, maso onse awiri amafiira, thupi limatentha, m'kamwa ndi m'milomo mumachita zilonda, ndipo khungu limatuluka zidzolo kapena matuza. Iyi ndi aleji ya mtundu wina, ya thupi lonse, ndipo ikhoza kupha kapena kuwononga maso. Munthu wotere apite kuchipatala nthawi yomweyo asanamwenso mankhwala ena, atanyamula mankhwala ake onse ndi buku lake la kuchipatala. Koma maso ofiira okha, opanda zilonda m'kamwa ndi zidzolo, si chifukwa chosiyira ma ARV. Pitirizani kumwa, ndipo mukafunse ku kiliniki kwanu. Amene akumwa mankhwala mwandondomeko ndipo tizirombo tinachepa m'magazi amachira matenda a maso ofiira monga wina aliyense. Amene anasiya mankhwala kapena wangoyamba kumene asadikire kunyumba ndi diso lofiira, ndipo ngati akuona tinthu takuda tikuyandama kapena chifunga, ngakhale diso lisanafiire, akayezetse maso msanga.

Dikirani kapena pitani?

Mukhoza kudzisamalira kunyumba kwa masiku angapo ngati mukuona bwino, palibe ululu waukulu, ndipo chikutuluka ndi misozi kapena zoyera zonanda. Pitani ku chipatala chaching'ono ngati manthongo ndi achikasu tsiku lonse, ngati kuyabwa kukukulepheretsani kuphunzira kapena kugona, kapena ngati patha sabata popanda kusintha kulikonse.

Pitani tsiku lomwelo, ngakhale kutakhala kutsika phiri wapansi, ngati kuona kwachepa, ngati diso likupweteka kwambiri kapena simungathe kuyang'ana kuwala, ngati pa chakuda paoneka kadontho koyera, ngati mafinya akuyenderera ndipo zikope zatupa, ngati pachipumi patuluka matuza, ngati munalasidwa ndi kamtengo, udzu kapena chitsulo, kapena ngati wodwalayo ndi khanda. Ngati munathira kale chinachake m'diso, auzeni achipatala chimene munathira. Sakufunsani kuti akudzudzuleni. Chithandizo cha diso lothiridwa mkodzo n'chosiyana ndi cha diso lothiridwa masamba.

Zokambirana m'kalabu mwezi uno

Gawanani m'magulu a anthu atatu. Mmodzi akhale wodwala, asankhe mwachinsinsi ngati ali ndi mavairasi, mabakiteriya, aleji kapena chimodzi mwa zizindikiro zoopsa. Wachiwiri afunse mafunso anayi aja mwadongosolo: kuyabwa kapena kupweteka, chimene chikutuluka, mmene zinayambira, ndi mmene akuonera. Wachitatu anene chimene wodwalayo ayenera kuchita. Mukatha kambiranani izi: kodi ndi zinthu ziti zimene anthu a m'dera lanu amathira m'maso, ndipo mungawayankhe bwanji agogo amene akunena kuti iwo zinawachiritsa? Kodi m'kalabu mwanu kapena m'kalasi mwanu muli mnzanu wa maso oderako amene amatikita chaka chonse, ndipo alipo amene anamuperekezapo ku chigawo cha maso? Mayankho anu mudzatipatse tikadzakuyenderani.